Mwakhala Zaka Zambiri Osagwira Ntchito: Mudzayankha Chiyani Akakufunsani Kumene Munali?

Moni nonse amene mukutionera. Munthu akakhala pa khomo zaka zisanu kapena kuposerapo kenako n'kuyambanso kufunafuna ntchito, pali funso limodzi limene limamusowetsa tulo, ndipo ndi lakuti: "Nanga zaka zonsezi munali kuti?" Lero tiona mmene funsoli limayankhidwira, pa pepala komanso pamaso pa olemba ntchito.

Tiyerekeze kuti pali mayi wina wa kuno ku Salima amene anagwira ntchito ya ukashiya pa hotela ina ku Senga Bay kuchokera mu Januwale 2013 mpaka mu Ogasiti 2018. Mayi ake atadwala matenda opha ziwalo, iye anasiya ntchito n'kupita kukawadwazika kumudzi kwa Khombedza, ndipo nthawi zina ankakhala milungu ingapo ali gadiyani m'chipatala. Odwalawo anamwalira mu 2023, ndipo tsopano mayiyu waona kuti sitolo ina yaikulu pa Kamuzu Road ikufuna kashiya.

Wolemba ntchito akaona zaka zopanda kanthu pa sivi, sikuti amakhala ndi chidwi chomva mbiri ya banja lanu. Amakhala ndi nkhawa zitatu. Amadzifunsa ngati munachoka bwino kumene munali, chifukwa pa ntchito yogwira ndalama munthu wosowa mwadzidzidzi amaganiziridwa kuti anachotsedwa atasowetsa ndalama. Amadzifunsanso ngati chimene chinakuchotsani pa ntchito chinatha, kapena mudzangogwira miyezi itatu n'kuyamba kupempha tchuthi. Chachitatu, amakayika ngati mukudziwabe ntchitoyo mmene ikugwiridwira masiku ano. Yankho lililonse limene silikhudza zitatuzi, ngakhale likhale lomvetsa chisoni chotani, silimuthandiza kuti akulembeni.

Tiyambe ndi sivi. Ena amatalikitsa zaka za ntchito yawo yakale, n'kulemba kuti anasiya mu 2022 pamene anasiya mu 2018. Zimenezi zimaululika ndi foni imodzi yokha yoimbira bwana wakale, ndipo tauni ya Salima ndi yaing'ono moti amene akukufunsaniyo mwina amapemphera tchalitchi kapena mzikiti umodzi ndi amene munkagwira nawo ntchito. Mayi wathuyu alembe zakazo poyera, pa mzere wakewake, mofanana ndi mmene walembera ntchito zina. M'chilankhulo chimene sivi yake yalembedwa, mzerewo unene izi:

[Pa sikirini] Seputembala 2018 mpaka 2023: Ndinasiya ntchito kuti ndisamalire kholo lodwala. Kuyambira 2020: Msungichuma wa gulu la banki mkhonde, kulemba masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja, komanso kuwerengetsa ndalama zogawana pakutha pa chaka.

Dzina la matenda palibepo, ndipo silifunika kukhalapo. Mzere wachiwiriwo ndi umene uli ndi mphamvu, chifukwa ukusonyeza kuti anthu anapitiriza kumusungitsa ndalama zawo ngakhale pamene sanali pa ntchito yolembedwa. Koma pamenepa pafunika kusamala. Amene ankagulitsa usipa kapena mpunga wa kilombero alembe kuti ankachita geni ya usipa kapena ya mpunga, asadzitchule kuti anali mkulu wa kampani, pakuti akadzafunsidwa za kampaniyo adzasowa chonena ndipo zina zonse zimene wanena zidzayamba kukayikitsa.

Nkhawa yoyamba ija imathetsedwa ndi pepala, osati ndi malumbiro. Lamulo la za ntchito la dziko lino la chaka cha 2000, pa gawo 31, limanena kuti ntchito ikatha, wantchito akapempha, wolemba ntchito apereke kalata yosonyeza nthawi imene munthu wagwira, udindo umene anali nawo ndi malipiro amene ankalandira pochoka. Chifukwa chochokera chimalembedwamo ngati wantchitoyo wapempha. Kwa mayi amene anachoka yekha mwamtendere, ndi bwino kupempha kuti chifukwacho chilembedwe. Ngati kalatayo sanatenge kapena inatayika, apite ku hotela ija akaipemphe asanatumize n'komwe kalata yofunsira ntchito. Akapeza kuti mabwana anasintha, afunefune amene ankamuyang'anira nthawi imeneyo, alankhule naye, ndipo amupemphe kuti akhale mboni yake. Kulemba dzina la munthu pa sivi osamuuza n'koopsa, chifukwa akadzaimbiridwa foni n'kuyankha kuti, "Mukunena ndani kodi?", mwayi wanu wathera pomwepo. Mboni yachiwiri ikhale wapampando wa banki mkhonde, amene angathe kunena za zaka zaposachedwa.

Tsopano tafika m'chipinda cha intavyu, ndipo funso lija lafunsidwa. Mayiyu angayankhe motere:

"Zikomo bwana. Mu 2018 ndinasiya ntchito mwa kufuna kwanga kuti ndikadwazike mayi anga, ndipo kalata ya kumene ndinkagwira ndi iyi. Mayiwo anatisiya mu 2023, moti panopa ndilibe chondilepheretsa kugwira ntchito tsiku lonse, ngakhale Loweruka. Pa nthawiyo sindinasiyiretu kugwira ndalama, chifukwa ndakhala msungichuma wa gulu lathu kuyambira 2020, ndipo miyezi yapitayi ndakhala ndikudzikumbutsa Excel."

Akatero angokhala chete n'kudikira funso lina. Yankholi silifika ngakhale mphindi imodzi, ndipo mulibe mawu oti pepani. Ambiri amalakwitsa pomwepa, chifukwa chipinda chikangoti zii amachita mantha n'kuyamba kufotokoza za achibale amene anakana kuthandiza ndi za ndalama zimene zinathera ku mankhwala. Mungadziwe kuti mwapitirira malire mukaona ofunsawo asiya kulemba n'kuyamba kukupepesani. Pamenepo ndiye kuti akukuonani ngati namfedwa, osati ngati kashiya. Choncho yankholi liyenera kuyesezedwa mokweza kunyumba, pamaso pa munthu wina, kufikira litamatuluka popanda mawu kunjenjemera.

Mawu akuti "ndakhala ndikudzikumbutsa" ayenera kukhala oona, chifukwa ofunsa angathe kukupatsani kompyuta nthawi yomweyo. Kashiya amene anachoka mu 2018 sanagwirepo pa kauntala ndalama ya pepala ya K5,000, imene inatuluka mu 2022, ndipo adzapeza kuti makasitomala ambiri tsopano amalipira kudzera pa Airtel Money, pa Mpamba kapena pa makina a khadi. Izi zikutanthauza kuti potseka madzulo sawerenga za m'kabati zokha, koma amafananitsanso malisiti ndi zimene zalowa pa foni ndi ku banki. Mayiyu angachite bwino kupempha mnzake amene ali ndi sitolo kuti azimuthandiza kutseka mabuku kwa milungu ingapo. Akafunsidwa za makina amene sanawagwiritsepo ntchito, anene zoona kuti sanawagwirepo, kenako atchule ofanana nawo amene amawadziwa.

Pomaliza amafunsa za malipiro, ndipo funso lake nthawi zambiri limakhala lakuti, "Munkalandira zingati kumene munali?" Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero ndalama imene mayiyu ankalandira mu 2018 singakhale poyambira kukambirana lero. Anene chiwerengerocho moona, popeza chili kale pa kalata ija, koma awonjezere kuti chinali cha 2018. Asanapite ku intavyu afunse anthu awiri kapena atatu amene akugwira ukashiya panopa kuti amalandira zingati, ndipo akafunsidwa zimene akuyembekezera, atchule ndalama ya pakati pa zimene wamvazo.