Mphwanga, tamvera za du, de ndi des

Mphwanga, waswera bwanji? Ntchito ya Chifalansa unanditumizira ija ndaiona. Tenga cholembera, ndikujambulira mawu chifukwa kulemba kundichedwetsa.

Pamzere woyamba walemba kuti "Je bois thé". Ndikudziwa kumene zachokera. Ife timangoti ndikumwa tiyi, basi, palibe kanthu pakati. Mfalansa sasiya tiyi ali yekha choncho. Chinthu chimene sungachiwerenge, chimene ukungotapako, chimafuna kamawu patsogolo. Ndiye lemba "Je bois du thé". Du ndi wa dzina lachimuna, monga thé. Dzinalo likakhala lachikazi, monga nyama, ndi "de la viande". Madzi ndi "de l'eau", chifukwa eau akuyamba ndi vawelo. Zikakhala zambiri zowerengeka, monga mazira, ndi "des œufs".

Tsopano apa ndi pamene wagwa kwambiri. Utaphunzira du uja wayamba kumuika paliponse ngati mchere. Walemba "Je ne bois pas du thé". Ayi. Ukakana, ukati sindimwa, ndilibe, sindinagule, du, de la ndi des onse amachoka, pamatsala de yekha. "Je ne bois pas de thé." "Je n'ai pas d'œufs." Ganiza chonchi: du amatanthauza kuti kalipo kenakake, kochepa kapena kambiri. Nanga ukati palibe, utapa chiyani? Ngakhale un ndi une amatero: "J'ai un vélo" amasanduka "Je n'ai pas de vélo".

Koma chenjera ndi être, mneni wotanthauza kukhala amene umamuona ngati est m'chiganizo, ameneyu satsata lamuloli. Wina wakupatsa kapu, walawa, ndi madzi otentha chabe. Unena kuti "Ce n'est pas du thé". Du wakhalabe, chifukwa sukunena kuti m'kapumo mulibe kanthu, ukunena kuti chimene chilimocho si tiyi.

Dikira, pali china ndimaiwala. Pa funso lachinayi walemba "beaucoup des tomates". Ukatchula kale muyeso, de yekha akwanira: "beaucoup de tomates", "un kilo de riz", "un peu de sucre". Kilo uja wanena kale kuchuluka kwake, du alibenso ntchito.

Nanga "Je n'aime pas de thé" yako ija? Apo wachita kupitirira nalo lamulo. Kukonda sutapa, umakonda tiyi yense wa padziko, ndiye ndi "J'aime le thé". Le sasintha ukakana: "Je n'aime pas le thé".

Usiku uno tenga mawu atatu, riz, eau ndi tomates. Lililonse ulembe kanayi: ndagula, sindinagule, ndagula zambiri, sindikonda. Zikhala ziganizo 12. Uzijambule unditumizire mawa ndisanapite kuntchito, ndipo uwapatse moni amayi.