Mtengo ukaima, wapuma kapena wabwerera?

Zikomo amayi ndi abambo, makamaka inu ochokera ku Domwe ndi ku Tsangano amene mwalawirira kufika kuno ku Ulongwe. Tsegulani tchati ya mitengo ya pamsika pa foni, musankhe D1, kuti kandulo iliyonse ikhale tsiku lathunthu.

Munthu wokankha njinga ya matumba a kachewere pachitunda amaima. Mukamuona kutali simungadziwe ngati akupuma kapena katundu wamukanika ndipo akufuna kutsetsereka. Mtengo nawonso ndi chimodzimodzi. Masiku atatu oyamba, kupuma kwa mtengo, kumene pa tchati timakutcha mbendera, ndi chiyambi cha kubwerera zimafanana ngati mapasa, ndipo amene akuti amazisiyanitsa tsiku lachiwiri akungolosera.

Tiyeni tipeke manambala osavuta. Mtengo wachoka pa 100 kufika pa 120 m'masiku 6, makandulo aataliatali. Umenewo ndiwo mlongoti, wotalika 20. Popanda mlongoti palibe mbendera, ngakhale mizere ikongole bwanji. Musanachite china chilichonse, lembani mzere pakati pa mlongotiwo, pa 110. Kenako mtengo uyamba kutsika mwaulesi, 118, 116, kukwerako pang'ono, mpaka 113 patatha masiku 8. Makandulo ndi aafupi, opanikizana pakati pa mizere iwiri yopendekera pansi, ndipo voliyumu, kuchuluka kwa malonda, ikuchepa tsiku ndi tsiku. Uku ndi kupuma. Amene anagula pansi akutapako phindu lawo, koma palibe chigulu chimene chikuthawa.

Tsono mbendera simakhalitsa. Pa tchati ya tsiku imatenga sabata imodzi mpaka zitatu. Ikapyola pamenepo, ine ndimasiya kuitchula mbendera.

Kubwerera kumayenda mosiyana. Pa mlongoti womwewo, tsiku lachinayi kukubwera kandulo yofiira yaitali ngati za pamlongoti zija, voliyumu yake yoposa ya masiku okwera, n'kutsekera pa 109, pansi pa mzere wathu uja. Mtengo ukuyesanso kukwera, ukufika pa 116, ukulephera kufika pa 120, ndipo voliyumu ya kukwerako ndi yofooka. Onetsetsani pamenepa: nsonga yachiwiri yatsika, ndipo mphamvu yasamukira kwa ogulitsa. Ukadzatsekera pansi pa 109, nkhani ya kukwera yatha. Ine zinandionekerapo pa golide. Ndinaona kutsika kwakuya chonchi, ndinadzinyenga kuti ndi mbendera yaikulu, ndinagula, ndipo ndalama ya feteleza ya chaka chimenecho inachepa ndikuona. Mzere wapakati ndinali nditaulemba, koma sindinaumvere.

Mwafunsa bwino achimwene kumbuyoko, za thirayango. Imeneyi ndiyo yonyenga kwambiri, chifukwa nayonso nsonga zake zimatsika. Kusiyana kuli pansi. Mu thirayango yofanana mbali, nsonga zikutsika koma zigwa zikukwera, mwachitsanzo 111, kenako 113, kenako 114, ndipo mzere uliwonse uyenera kukhudzidwa kosachepera kawiri musanaukhulupirire. Ogula akubwera msanga ulendo uliwonse. Koma ngati mtengo unali kukwera, kenako nsonga zikutsika pamene pansi pangokhala pamodzimodzi, pa 112, pa 112, pa 112, chenjerani. Chitseko chogogodedwa kawirikawiri chimatha kutseguka, ndipo apa chotsegukacho ndi cha pansi. Thirayango imatenga nthawi kuposa mbendera, mwezi kapena kupyola, ndipo kawirikawiri mtengo umatuluka usanafike pamene mizere ikukumana. Ukakwawa mpaka pakona penipeni, chithunzicho chatha mphamvu, chisiyeni.

Ngakhale thirayango yooneka bwino imatha kuswekera mbali yolakwika. N'chifukwa chake sindilowa mtengo udakali mkati. Ndimadikira kandulo ya tsiku itsekere kunja kwa mzere. Kutsekera, osati kungosuzumira masana n'kubwerera, kusiya kamchira. Kwa mabulokala ambiri tsiku limatha 5 koloko madzulo ku New York, komwe kuno kwathu ndi 23 koloko kapena pakati pa usiku, malinga ndi nyengo ya chaka. Choncho gonani, mukaone m'mawa.

Tibwerere ku mbendera yathu. Kandulo yatsekera pa 117, pamwamba pa mzere, voliyumu yadzuka. Ndikagula, Stop Loss, malire otulukira mtengo ukanditembenukira, ndiika pa 112, pansi pang'ono pa chigwa cha 113, ndiye kuti ndaika 5 pachiswe. Kutalika kwa mlongoti, 20, ndikuwonjezera pamene mtengo watulukira, ndipeza 137. Imeneyo ndi miyeso chabe, mtengo sunalonjeze kufikako, ndipo ine ndimachotsako gawo usanafike.

Chinanso kwa inu a ndalama zakunja pa MetaTrader: voliyumu imene mukuona imangowerenga kuti mtengo wasintha kangati, si kuchuluka kwenikweni kwa malonda. Imathandizako, koma ikatsutsana ndi kuya kwa kutsika, mverani kuyako. Tsopano aliyense apeze mlongoti umodzi pa tchati yake, alembe mzere wapakati, ndikuzungulira kudzaona.