Mmene tingapezere liwu limodzi lolumikiza mawu atatu

Omvera athu kuno ku Salima, ku Senga Bay, ku Chipoka ndi konse kumene mawu ano akufika, tengani pepala ndi cholembera, chifukwa masewera a lero ndi ovuta kuwagwira ndi khutu lokha. Mumapatsidwa mawu atatu ooneka ngati osagwirizana, ndipo ntchito yanu ndi kupeza liwu limodzi limene likaikidwa patsogolo kapena pambuyo pa lililonse la mawuwo limapanga dzina lodziwika kale. Katswiri wina wa za maganizo a anthu wa ku Amereka, Sarnoff Mednick, adagwiritsa ntchito mafunso a mtundu umenewu m'chaka cha 1962 poyesa luso la anthu lolumikiza zinthu zotalikirana, koma ife tichita ndi mawu athu a Chichewa.

Lembani mawu awa motsitsa, lina pansi pa linzake, ndipo musiye mpata kumanzere ndi kumanja: mphepo, alirenji, piye.

Anthu ambiri amathamangira liwu loyamba chifukwa ndi limene akulidziwa bwino, ndipo m'pamene amasokera. Munthu wa kunyanja akamva mphepo, maganizo ake amapita ku mwera, mwina ku bwato ndi mafunde, pomwe wokonda wailesi amakumbukira nyumba ya mphepo. Zonsezi ndi zoona, koma liwu loti mphepo lili ndi anzake ochuluka kwambiri, kotero mukhoza kutha nthawi yaitali mukuyesa limodzilimodzi osafika. Langizo langa ndi lakuti muziyamba ndi liwu limene lili ndi anzake ochepa. Pa mawu atatuwa, piye sapezeka payekha m'kulankhula kwathu, ndipo mukalitchula mokweza pakamwa pamabwera dzina limodzi lokha, la kamwana ka nkhuku, mwanapiye. Lembani mwana kumanzere kwa piye.

Musanene yankho msanga, popeza liwu logwirizana ndi limodzi kapena awiri okha si yankho. Liyeseni pa otsalawo. Mwana ndi alirenji zikutipatsa mwanaalirenji, chimene timanena chaka chimene nkhokwe zadzaza ndipo mwana alibe chifukwa chodandaulira. Mwana ndi mphepo zikutipatsa mwanamphepo, dzina limene azimayi achikulire amalidziwa bwino pa nkhani ya matenda ndi mankhwala azitsamba. Onse atatu alola. Mukadagwira nyumba ija, mukadaona kulephera kwake pa liwu lachiwiri pomwe, ndipo chizindikiro chake n'chosavuta: mukayamba kufotokozera anzanu chimene dzinalo lingatanthauze, dziwani kuti mwalipeka nokha. Dzina loyenera munthu amalivomera akangolimva.

Kuti mudziwe mbali imene yankho likhale, yang'anani kapangidwe ka mawu amene mwapatsidwa. Tiyerekeze kuti mwapatsidwa chipha ndi mpenda. Awiriwa achokera ku aneni, kupha ndi kupenda, ndipo m'Chichewa dzina lopangidwa motere limayamba ndi mneni kenaka n'kutsatira chinthu chimene ntchitoyo ikuchitikira, monga tionera pa chiswamphika ndi mpondamatiki. Choncho musavutike ndi kumanzere, funani dzina la chinthu kumanja. Mbewu ija ya maluwa achikasu imene timayenga mafuta ophikira ndi mpendadzuwa, ndipo mtsikana wokongola kwambiri timamutcha chiphadzuwa. Yankho ndi dzuwa.

Pali nkhani imodzi yoyenera kugwirizana masewera asanayambe, chifukwa imautsa mikangano. Mayina athu ambiri amalumikizidwa ndi timawu monga ya, la ndi wa. Ine ndimaona kuti n'kwabwino kuwalola, bola wofunsayo atchule kaliwuko poyera, mwachitsanzo ya malamulo, ya mphepo, ya chifumu. Apa kaliwu ka ya kakukuuzani kale gulu la dzina limene mukufuna, kotero bwalo silingalowe chifukwa likadafuna la, ndipo mpando sungalowe chifukwa ukadafuna wa. Yotsala ndi nyumba.

Amene mukufuna kupangira ana asukulu mafunso otere, yambirani ku yankho, lembani mayina onse amene liwulo limapanga, ndipo musankhepo atatu osiyana matanthauzo. Mwini ndi nyumba, munda ndi mbumba ndi funso lofewa, loyenera oyamba kumene, chifukwa mwini akutanthauza chinthu chimodzi ponseponse.

Funso loti mupite nalo lili ndi mawu awiri okha, koma yankho likhala pambuyo pa loyamba ndi patsogolo pa lachiwiri: mpatsa, luzi. Dzina loyambalo ndi la mtsinje wa kuno kwathu ku Salima, ndipo lachiwirilo ndi la kachilombo kowonda kokwawa m'tchire. Yambani ndi luzi, kenaka muyese zimene mwapezazo pa mpatsa.