Mkwiyo wa mizere 14: mmene Claude McKay anaumangira

[Pa kanema: sitima ya malasha ikudutsa, chaka cha 1919 chikuoneka pansi]

Chaka cha 1919 ku Amereka kunali magazi. Magulu a azungu ankaukira anthu akuda m'mizinda yambiri, kuphatikizapo Washington ndi Chicago. Nthawi imeneyo Claude McKay, mnyamata wochokera ku Jamaica, ankagwira ntchito yoperekera zakudya m'sitima ya pamtunda. Mu Julaye chaka chomwecho, magazini ya The Liberator inasindikiza ndakatulo yake yotchedwa "If We Must Die", kutanthauza kuti ngati kufa kuli kosapeweka.

Munthu woti anzake akuphedwa mungayembekezere kuti alemba mokalipa, mawu ali balala. McKay sanatero. Anasankha soneti, mtundu wa ndakatulo wa malamulo okhwima womwe Angerezi ankaukonda polemba zachikondi.

[Pa kanema: mizere 14, yogawidwa 4, 4, 4, 2]

Soneti imakhala ndi mizere 14 basi, mzere uliwonse maphatikizo pafupifupi 10. Mu mtundu umene iye anatsata, mawu otsiriza a mzere woyamba amamveka mofanana ndi a mzere wachitatu, wachiwiri ndi wachinayi, mpaka mizere iwiri yomaliza imene imatsekera limodzi. M'khola lothina chonchi mulibe malo otukwanira. Liwu lililonse liyenera kugwira ntchito, ndipo womvera amamva munthu amene wakwiya koma mutu ukugwira. Ameneyo ndiye amaopsa, kusiyana ndi wongolalata pamsika.

Tsopano tamverani kubwereza. Mawu a mutu aja amatsegula mzere woyamba, kenako amabweranso pa mzere wachisanu. Koma sabwera ndi katundu yemweyo. Koyamba akunena zimene akukana: ngati tifa, tisafe ngati nkhumba zosakidwa n'kutsekeredwa pamalo onyozeka, agalu olusa ndi anjala akutiuwa. Kachiwiri akunena zimene akufuna: ngati tifa, tife mwaulemu, magazi athu asatayike pachabe. Mawu ndi omwewo, koma munthu amene anali chogwada waimirira.

Apa ndi pamene olemba ambiri oyamba kumene amaphonya. Amabwereza mzere kasanu ndi kawiri, tanthauzo lili pomwepo, ngati ng'oma yoomba kamodzimodzi usiku wonse. Mukafuna kuyesa ndakatulo yanu, fufutani mzere wobwerezedwawo pamalo achiwiri. Ngati palibe chatayika, unali wongodzazira malo. Kwa McKay mukaufufuta, ndakatulo yonse yathyoka msana. Ndiponso iye anabwereza kawiri kokha. Pofika mzere wa 9 wasiya "ngati" uja, wayamba kuitana abale ake kuti akumane ndi mdani wawo.

[Pa kanema: mawu atatu, nkhumba, agalu, amuna]

Chimene chimandigwira mtima ine ndi zimene sananene. Werengani mizere yonse 14, simupezamo liwu loti wakuda kapena mzungu. Simupeza dzina la mzinda ngakhale la munthu. Adani ake akungotchedwa agalu, zilombo, gulu la amantha. Ndipo taonani mmene zinthu zatembenukira: poyamba ozunzidwa ndiwo akuyerekezedwa ndi nyama, koma pomaliza iwo ndi anthu, ozunza aja atsala ali agalu ndithu.

Kudziletsa kumeneku musakusokoneze ndi kuphiphiritsa kumene tikukudziwa kuno. Mlakatuli Jack Mapanje ankabisa mkwiyo wake m'mafanizo, monga a bilimankhwe, chifukwa nthawi ya Kamuzu kulankhula poyera kunali kudziitanira mavuto, ndipo anatsekeredwabe ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. McKay sakubisa kanthu. Akunena poyera kuti bwezerani. Wangochotsa maina.

Kuchotsa mainako kuli ndi mtengo wake. Aliyense wopanikizidwa angathe kuitenga ndakatuloyi ngati yake, zomwe n'zabwino, koma ngakhale wozunza amene akudziona ngati wozunzidwa angailakatule osachita manyazi. Komanso akamati tilimbane ngati amuna, amayi amene ankaphedwa ndi kuwotcheredwa nyumba m'chaka chomwecho sakuoneka.

[Pa kanema: mzere womaliza wokha]

Mzere wa 12 ukufunsa kuti nanga manda akakhala chitsegukire patsogolo pathu, zili ndi kanthu? McKay sakulonjeza chipambano. Mzere womaliza wauduladula patatu, ndipo muulakatule mokweza kuti mumve kupuma kwa munthu wotopa: atipanikizira kukhoma, tikufa, koma tikubwezera. Liwu la imfa waliika pakati. Lomaliza kumveka m'khutu ndi lobwezera.