Mankhwala a ababa ndi a mlamu musawamwetse mofanana

Achimwene, mwaswera bwanji ku Chinamwaliko? Ndangoweruka kumene, ndiye ndati ndikutumizireni mawu, chifukwa ndamva kuti mankhwala onse mukuperekera limodzi ndi phala. Ayi, tisatero.

Tiyambe ndi a ababa, a chifuwa chachikulu aja. Amenewo amafuna m'mimba mopanda kanthu. M'mapilitsi mwake muli mankhwala otchedwa rifampisini ndi ena, ndipo akapeza chakudya m'mimba, makamaka chamafuta, amalowa m'magazi mochedwa komanso ochepa. Munthu nkumamwa mokhulupirika miyezi 6 yonse, koma thupi likulandira mopereŵera. Ndiye chitani chonchi: akadzuka 5 koloko, apatseni ndi kapu yodzaza ya madzi, madzi okha, osati tiyi wamkaka. Phala lidikire mpaka 6 koloko, ola lathunthu. Tsiku lina mukapeza kuti adya kale, werengani maola awiri kuchokera pamene amaliza kudya, kenaka amwe.

Ndikudziŵa ababa adzadandaula kuti akumva nseru. Zikavuta kwambiri, apatseni kachidutswa ka mbatata yophika kapena ka buledi wopanda majarini, amwere pamenepo. Bola zimenezo kusiyana ndi kudumphitsa tsiku. Mkodzo ukafiira ngati fanta musaope, ndi mankhwalawo. Koma maso akachita chikasu, kapena akamasanza osaleka, musadikire tsiku la sikelo, thamangani nawo ku Zomba Central.

Tsono a mlamu, LA wa malungo uja, ndi zosiyana kotheratu. LA amafuna chakudya, ndipo chikhale ndi timafuta, chifukwa popanda mafuta saloŵa bwino m'magazi. Apa mpamene anthu ambiri amalakwitsa. Wodwala malungo safuna kudya, ndiye amangomwera madzi, thupi nkuzizira, koma pakapita masabata awiri kapena atatu malungo abwereranso. Sizifuna zambiri: kapu ya mkaka, kapena phala lothira nsinjiro, ngakhale masupuni ochepa chabe. Wamkulu amamwa mapilitsi 4 nthawi imodzi. Oyamba akamwa 12 koloko masana, achiŵiri amwe 8 koloko usiku, patapita maola 8. Masiku aŵiri otsatirawo ndi m'maŵa ndi madzulo, mpaka onse 24 athe, ngakhale atayamba kupeza bwino. Akasanza atangomwa kumene, kauzeni adokotala, pafunika kubwereza.

China, ndinaona bulufeni pawindo paja. Ameneyo asamwe munthu wanjala, amakanda m'mimba mpaka zilonda. Adye kaye nsima. Ngati mlamu mutu ukuŵaŵa ndipo sanadye, apatseni panado, alibe vuto ndi njala. Ababa okha musawapatse chilichonse chogula pa golosale musanandifunse, chiŵindi chawo chili kale pa ntchito yaikulu.

Mapepala aŵiri a mankhwalawo muwasiyanitse, a ababa pafupi ndi mphasa yawo, a mlamu kukhitchini. Ndibwera Loŵeruka ndi nsinjiro.