Makalata a Omvera: Phwando la Amayi ku Chonde Lisaululike

Kalata yoyamba lero yachokera kwa mayi wina wa ku Chonde m'boma la Mulanje, ndipo akuti:

"Amayi athu akukwanitsa zaka 70 Loweruka lachiwiri la mwezi wamawa, ndipo ana ndi zidzukulu tikufuna kuwakonzera phwando iwo osadziwa. Osonkha tilipo 15, aliyense K20,000, ndipo alendo akhala pafupifupi 40, ena ochokera ku Limbe ndi ku Lilongwe. Ine ndimakhala nawo nyumba imodzi ndipo foni yanga amaigwiritsanso ntchito. Ndisonkhanitse bwanji ndalama ndi anthu popanda chinsinsi kuululika?"

Zikomo achemwali chifukwa cha kalata yanu. Choyamba chimene ndikukupemphani ndi chakuti mutule pansi udindo wosunga ndalama, ngakhale kuti maganizo a phwandoli anachokera kwa inu. Munthu akakutumizirani ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, foni imalandira uthenga wosonyeza kuchuluka kwa ndalamazo ndi kumene zachokera, ndipo mauthenga otere 14 akalowa m'foni imene amayi amaigwira, sipafunikanso munthu wowauza kuti pali chimene chikuchitika. Msungichuma akhale m'bale amene amakhala kutali ndi nyumbayo, makamaka wa ku Limbe, chifukwa iyeyo angathenso kugula mpunga, mafuta ophikira, zakumwa ndi chitenje cha mphatso komweko, n'kuzisunga kwake mpaka tsikulo.

Masamu anu akupereka K300,000, koma musakonze zogula zokwana ndalama yonseyo. Pochotsa ndalama kwa ejenti pamakhala yodula, ndipo pa anthu 15 sipalephera awiri kapena atatu amene amalonjeza ndi mtima wonse koma n'kupereka phwando litatha. Konzani ngati muli ndi K240,000, ndiye kuti ya anthu 12, ndipo yobwera pamwamba idzathandize pa zogwa mwadzidzidzi. Tsiku lotseka msonkhamsonkha likhale patangopita masiku awiri kapena atatu anthu atalandira malipiro a kutha kwa mwezi, chifukwa mukadikira sabata ya phwando mudzapeza ndalamazo zitalowa ku sukulu fizi ndi ku ngongole za banki mkhonde. Msungichumayo azilemba dzina ndi ndalama ya aliyense m'kope, ndipo aziwerengera osonkha okhaokha. Asatumize ndalama yonse kwa ejenti wa pa Chonde kuti inu mukachotse, pakuti ejenti wa kumudzi nthawi zina sakhala ndi ndalama yochuluka chotero pa nthawi imodzi, komanso amadziwa aliyense, ndipo tsiku lina adzafunsa amayi mwaulemu kuti kunyumba kuli chiyani.

Pa nkhani ya alendo, si onse 40 amene ayenera kudziwa zonse, ndipo si onse amene ayenera kudziwa lero. A kutali auzidwe msanga kuti apemphe tchuthi ku ntchito ndi kupeza ya thiransipoti. A pafupi, monga anzawo a amayi a kumpingo ndi oyandikana nawo nyumba, auzidwe kutatsala masiku awiri okha, pakamwa, mmodzimmodzi, chifukwa amenewa amakumana ndi amayi kumjigo, kuchigayo ndi kumapemphero, ndipo kusunga nkhani yokoma kwa masabata atatu ndi katundu wolemera. Ana aang'ono asauzidwe konse. Gulu la pa WhatsApp likhale la okonza okha, anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo lisatchedwe "Phwando la Amayi", poti dzina la gulu limaonekera pa foni uthenga ukangolowa. Inuyo ndibwino musakhalemo n'komwe. Achimwene anu azikuimbirani mukakhala kumunda kapena kumsika.

Phwandolo lisachitikire panyumba panu. Mbuzi yomangirira pamtengo, nkhuni zounjika ndi mapoto akuluakulu obwereka sizibisika kwa mayi amene wakhala pakhomo pake zaka zonsezi. Pemphani amalume kapena m'bale wina wa mudzi woyandikana kuti zichitikire kwawo, mbuziyo ikhale kwa wogulitsa mpaka m'mawa wa tsikulo, ndipo mwini khomo akadziwitse amfumu kuti kudzakhala anthu ndi nyimbo.

Tsopano za nthawi, zomwe ndi pamene maphwando ambiri otere amaonongekera. Musalengeze nthawi imodzi kwa onse. Ophika afike 6 koloko m'mawa, alendo auzidwe 11 koloko, ndipo amayi afike 1 koloko masana, koma nthawi yomalizayi idziwike kwa okonza okha, chifukwa mlendo akamva kuti mwini phwando afika 1 koloko, nayenso adzanyamuka kwawo cha m'ma 12. Maola awiri a pakatipo si ochuluka. Minibasi ya ku Limbe sinyamuka isanadzaze, ndipo imaima pa Bvumbwe, pa Thyolo ndi pa Luchenza kutsitsa ndi kukweza anthu, kotero wochokera kumeneko akhale ali pa siteji pofika 8 koloko. A ku Lilongwe asayese kunyamuka Loweruka lomwelo. Afike Lachisanu n'kugona kwa abale ku Limbe, osati ku Chonde kumene angaonedwe.

Ikaninso lamulo la ochedwa. Aliyense amene 12 koloko yamukwanira ali panjira atsikire pa Luchenza n'kudikira kuimbiridwa, kuopa kuti angakumane ndi amayi pamsewu atanyamula mphatso, kapena wakabaza angamudutsitse pakhomo penipeni. Ntchito yanu, achemwali, ndi imodzi yokha: kukhala ndi amayi m'mawa wonse ndi kuwaperekeza. Auzeni zoona zochepa, kuti amalume akuitanani nonse ku chakudya cha masana, kuti asambe ndi kuvala bwino mosakayika kanthu. Musanyamuke mpaka wa kuphwando atakufulashani kawiri, ndipo inu mumufulashe kamodzi mukamatuluka pakhomo. Zikachedwa, inu ndi amene mungachedwetse ulendo pofunafuna mpango kapena kudikira kuti madzi osamba afunde.

Kalata yachiwiri ndi yaifupi, yochokera kwa bambo wina wa ku Thekerani m'boma la Thyolo: "Bambo anga apuma pa ntchito ku esiteti ya tiyi ndipo tikufuna kuwadzidzimutsa ndi phwando, koma amadwala BP. Kodi n'koyenera?"

Achimwene, funso lanu likukhudzanso achemwali a ku Chonde aja. Kwathu kuno, munthu wamkulu akaona anthu ataunjikana pakhomo mwakachetechete, ana ake a kutauni ali pomwepo iye osauzidwa, maganizo ake oyamba amapita ku maliro. Mphindi imeneyo ndi yoopsa kwa munthu wa BP, ndipo ngakhale kwa wathanzi imachotsa chimwemwe chonse. Chotero musabisale m'nyumba kuti mutuluke mokuwa. Nyimbo ndi nthungululu zimveke bambo adakali patali, anthu awachingamire panjira akuvina, ndipo wowaperekeza awauze asanaone khamulo kuti kutsogoloku kuli chisangalalo chawo ndipo aliyense ali bwino. Onetsetsani kuti amwa mankhwala awo m'mawa monga mwa masiku onse, ndipo mpando wawo ukhale pamthunzi.

Ngati bambo atakufunsani maso ndi maso tsikulo lisanafike, musawanamize, chifukwa munthu wamkulu akaona ana akunong'onezana amayamba kuganiza kuti akumubisira matenda kapena mlandu. Ingowauzani kuti ana akukonza kanthu kowathokoza, ndipo muwapemphe kuti tsiku, malo ndi alendo akusiyireni inu.