Mawu a m'mawa: malo amene madzi a wudhu sanafike

Assalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh, abale ndi alongo m'Chisilamu. Kutamandidwa konse n'kwa Allah amene watidzutsanso lero, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad.

Pa Swala zisanu zija, wudhu wothamangiridwa kwambiri ndi wa Subuhi. Munthu amadzuka tulo tili m'maso, kunja kuli mdima, ndipo mu Juni ndi Julayi madzi a m'ndowa amachita kuluma zala. Ndiye amangowaza apa ndi apo, juzi osaipinda bwino, n'kuthamangira pamkeka. Komatu Mtumiki, Swalla Allahu alaihi wasallam, ananena kuti Swala siilandiridwa popanda twahara. Wina akhoza kuwerenga sura yaitali ndi mawu okoma, misozi ili mbwembwembwe, koma ngati pachigongono panatsala pouma, Swalayo ayenera kuibwereza.

Maziko ake ali mu Sura Al-Maida, ndime 6. M'menemo Allah akutilamula kuti tikafuna kuimirira pa Swala tisambitse nkhope ndi mikono mpaka m'zigongono, tipake madzi kumutu, ndiponso tisambitse mapazi mpaka mu akakolo. Ambirife kuno kwathu timatsata chiphunzitso cha Imamu Shafi, ndipo iye pa ziwalo zinayizi anawerengerapo zina ziwiri, niya ndi ndondomeko, n'kukhala faradhi zisanu ndi imodzi. Niya ili mumtima ndipo ikhalepo pamene madzi ayamba kukhudza nkhope. Ndondomeko ndiyo kutsata m'mene ndimeyo yasanjira: nkhope, mikono, mutu, mapazi. Zina zonse, monga kunena Bismillah, kuchukucha m'kamwa, kukokera madzi m'mphuno, kupaka makutu ndi kubwereza katatu, ndi sunna. Zili ndi malipiro ake ndipo si zoti tizizisiya dala, koma woiwala kupaka makutu wudhu wake ulipo. Woiwala chidendene alibe.

N'zodabwitsa kuti ambirife timasamala kuwerenga katatukatatu, pamene chofunika ndi kamodzi kokwanira. Kusambitsa n'kwakuti madzi ayende pakhungu lonse la chiwalocho. Kusisita ndi dzanja lonyowa n'kupaka, ndipo kumeneko n'kwa kumutu.

Nkhope ili ndi malire ake. Imayambira pamene tsitsi limamera pamphumi kutsika mpaka kunsi kwa chibwano, ndipo chopingasa imachokera khutu ili mpaka khutu linalo. Malo osiyidwa kawirikawiri ndi kachikopa kali pakati pa khutu ndi ndevu zam'mbali, chifukwa manja akabwera ndi madzi amathera m'masaya. Wa ndevu zopyapyala, zoti khungu likuonekera mukamacheza naye, madzi afike pakhungupo. Wa ndevu zothithikana asambitse pamwamba pake, ndipo kupisamo zala ndi sunna.

Pamikono pali cholakwika chimene chafala kwambiri. Poyamba wudhu timasamba m'manja katatu, ndiye tikafika pa mikono ena amayambira pamfundo ya dzanja kukwera m'mwamba, poganiza kuti zikhatho zatha kale. Kusamba koyamba kuja kunali sunna. Faradhi imayambira kunsonga za zala mpaka chigongono, chigongonocho chilowe m'kati. Pindani malaya apitirire chigongono ndithu, ndipo mphete yothina muisunthe kuti madzi adutse pansi pake.

Za mapazi Mtumiki anachita kukweza mawu. Ali paulendo anaona anthu akuchita wudhu mothamanga, zidendene osazisambitsa bwino, ndipo anachenjeza kuti tsoka la moto lili pa zidendenezo. Hadisi imeneyi ili kwa Bukhari ndi Muslim. Inanso, imene anasimba Umar, ikunena za munthu amene anasiya paphazi malo aang'ono ngati chikhadabo, ndipo Mtumiki anamubweza kuti akakonze wudhu wake. Amene amatsira madzi ataimirira, phazi lili pansi, kawirikawiri amanyowetsa pamwamba pokha. Nyamulani phazilo, dzanja lamanzere lipite kuseri kwa kakolo, litsike kuchidendene, lidutse kunsi, kenako kachala kalowe pakati pa zala zonse.

Madzi akhoza kuthiridwa ochuluka koma osafika pakhungu chifukwa pali chotchinga. Muyeso wake ndi uwu: chinthucho chili ndi thupi loti mungalipale ndi chikhadabo, kapena ndi mtundu chabe? Penti, guluu, phula, utomoni, utoto wa m'zikhadabo ndi zikhadabo zomata, zonsezi zimatchinga. Hina satchinga akachotsedwa phala lake, pakuti chotsalacho ndi mtundu basi. Mafuta odzola amene alowerera, n'kungotsala kuterera, alibe vuto ngakhale madzi azioneka ngati akuthawa. Koma mafuta olimba amene mwamata mochindikala m'ming'alu ya kuzidendene nyengo yozizira, apukuteni kaye.

Titenge mmisiri wopaka nyumba. Wachita wudhu wonse bwinobwino, ndipo akutsitsa manja a malaya waona kadontho ka penti kouma pachigongono. Achite chiyani? Sayenera kuyambiranso pa chiyambi. Nkhope yake ili bwino, chifukwa inabwera mkono usanafike. Apale pentiyo, asambitse pamalopo, kenako apakenso kumutu ndi kusambitsanso mapazi. Mutu ndi mapazi zikubwerezedwa chifukwa cha ndondomeko ija: zinachitika mkono usanathe, choncho sizinawerengedwe. Kwa Imamu Shafi kutsatizanitsa ziwalo zisanaume ndi sunna, ndiye ngakhale papite kanthawi akhoza kupitiriza chotero, malinga ngati wudhu sunaonongeke ndi china. Otsatira Imamu Ahmad amati ziwalo zikauma ayambirenso, ndipo woyambiranso wachita chimene onse angavomereze. Nanga ngati pentiyo waiona ataswali kale? Ngati akutsimikiza kuti inalipo pochita wudhu, mwachitsanzo sanagwirenso penti chichitireni wudhuwo, akonze ndipo abwereze Swalayo. Ngati n'kutheka kuti yamudonthera pambuyo pake, Swala yake ili bwino.

Madzi eni akewo akhale oti tikawaona tingowatchula kuti madzi. A pachitsime, a pamjigo, a mvula, a m'nyanja, onsewa ndi abwino, ndipo kuwafunditsa pamoto palibe choletsa. A mumtsinje amene afiira ndi dothi nthawi ya dzinja amaloledwa, chimodzimodzi amene asintha chifukwa cha ndere kapena kukhalitsa. Koma otsala pochapa, oti achita thovu ndi fungo la sopo, satha kuyeretsa. Pa najisi pali malire a kuchuluka: madzi osakwana makula awiri, amene ndi pafupifupi malita 200, amadetsedwa najisi ikangogweramo ngakhale mtundu, fungo ndi kakomedwe zisasinthe. Ndowa ya malita 20 ili kutali ndi muyeso umenewo. N'chifukwa chake ndowa ya wudhu izikhala yovundikira, ndipo muzitunga ndi kapu. Mtumiki anaphunzitsanso kuti wodzuka kutulo asapise dzanja m'chiwiya asanalisambitse katatu. Za kuchuluka kwa madzi ogwiritsa ntchito, iye ankachita wudhu ndi muddi imodzi, madzi osakwana ndi lita yomwe. Kapu yaikulu imodzi ikukwana ngati dzanja likugwira ntchito yake.

Tsono wudhu wapezeka. Chimauononga n'chiyani? Choyamba aliyense akuchidziwa: chotuluka kunjira yakutsogolo kapena yakumbuyo, kaya mkodzo, chimbudzi, mpweya, ngakhale timadzi tija totuluka munthu akagwidwa ndi chilakolako. Kuchepa kwake sikusintha kanthu, kadontho kamodzi n'kokwanira.

Chachiwiri ndi kuchoka kwa nzeru, monga kukomoka, kuledzera ndi tulo. Pa tulo m'pofunika kumvetsa chifukwa chake. Tulo patokha si uve, koma wogona sadziwa ngati watulutsa mpweya. Choncho amene wagona atakhala, matako atakhazikika ndithu pansi osasuntha mpaka kudzuka, wudhu wake ulipo. Amene wagona chammbali, chagada, kapena wapendekeka mpaka thako limodzi kunyamuka ali m'tulo, wudhu wapita. Kusinza sikuononga. Mukafuna kusiyanitsa, wosinza amamva mawu a anthu ngakhale sakutsatira zonenedwazo, pamene wogona samva kanthu, ndipo ngati walota ndiye kuti anagonadi. Amene mumadikira Subuhi mumzikiti mutatsamira khoma, yang'anirani kakhalidwe kanu pamenepa.

Chachitatu ndi kugwira maliseche ndi chikhatho kapena kunsi kwa zala popanda chotchinga, anu omwe kapena a wina. Amayi, apa mpamene pamakupezani: kusintha thewera ndi kumutawaza mwana kumaononga wudhu wanu m'chiphunzitso cha Imamu Shafi, ngakhale mwanayo ndi khanda. Kuseri kwa dzanja sikuononga, ndipo ngati pali nsalu pakati palibe vuto.

Chachinayi ndicho chimabweretsa mafunso ambiri, kukhudzana khungu ndi khungu pakati pa mwamuna ndi mkazi akuluakulu amene si maharimu, ndiye kuti amene chibale sichiwaletsa kukwatirana mpaka kalekale. Kwa Imamu Shafi wudhu umaonongeka kwa onse awiri, mwadala kapena mwangozi, ndipo mkazi wako kapena mwamuna wako ali m'gulu lomweli. Mayi ako, mlongo wako, mwana wako ndi apongozi obereka mkazi wako saononga. Alamu amaononga, msuweni nayenso amaononga, ngakhale munakulira nyumba imodzi. Kukhudza tsitsi kapena chikhadabo sikuwerengedwa, ndipo kukhudzana pamwamba pa chovala, monga mothithikana m'minibasi, sikuononga.

Mukaona m'bale wina akuchita mosiyana musafulumire kumudzudzula. Otsatira Imamu Abu Hanifa, monga ambiri mwa abale athu achimwenye a ku Limbe ndi ku Lilongwe, amati kungokhudza mkazi sikuononga wudhu, koma magazi oyenderera ndi masanzi odzadza m'kamwa zimaononga. Kwa Imamu Shafi kamfuno, bala ndi kusanza siziononga. Mungotsuka magaziwo kapena masanziwo pathupi ndi pachovala, chifukwa ndi najisi. Onsewa ndi maimamu odalirika ndipo aliyense ali ndi umboni wake. Chosayenera n'kutola chopepuka uku ndi chopepuka uko pa wudhu umodzi, mpaka kutsala ndi wudhu umene palibe imamu angauvomere.

Patsala nkhani ya chikaiko, imene imazunza anthu oopa Allah kuposa osasamala. Munthu ali pa Swala, m'mimba mwalira, ndipo akuganiza kuti mwina china chatuluka. Mtumiki atafunsidwa za zimenezi anati asachoke mpaka atamva phokoso kapena fungo, kutanthauza mpaka atatsimikiza. Ngati mukudziwa kuti munachita wudhu ndipo mukungokaika ngati waonongeka, muli nawo. Ngati mukudziwa kuti munapita kuchimbudzi ndipo mukukaika ngati munachita wudhu pambuyo pake, mulibe, kachiteni. Chikaiko chikabwera muli m'kati mwa wudhu, monga kusakumbuka ngati mkono wamanzere mwausambitsa, usambitseni ndi kupitiriza ndi zotsatira zake. Chikabwera mutamaliza kale, musabwererenso ku ndowa.

Amene ali ndi matenda a mkodzo wongodontha, kapena mayi amene magazi a matenda sakuleka, ali ndi njira yawo. Adikire nthawi ya Swala ilowe, atawaze, amange kansalu koyera pamalopo, achite wudhu ndi kuswali nthawi yomweyo osachedwa. Chotuluka pambuyo pake sichiwaonongera Swala imeneyo, koma pa Swala ya faradhi yotsatira achitenso chimodzimodzi.